Ndalama za m'chitenje si phindu: zomwe anauzidwa a banki m'khonde

Bokosi la maloko atatu linali pamphasa, msungichuma atamaliza kuwerenga masheya a tsikulo, pamene wapampando anaitana mlendo kuti alankhule. Anali mayi wachikulire amene wakhala akugulitsa tomato pamsika kwa zaka zambiri. Atapereka ulemu kwa onse, anafunsa: "Amayi anzanga ndi abambo, mukaweruka kugeni madzulo, ndalama zimene mwamanga m'chitenje kapena m'thumbazo ndi za ndani?"

Anthu anaseka. Wina anayankha kuti n'zake. Mayiwo anapukusa mutu, ndipo mawu awo onse anachokera pamenepo.

Njira ya banki m'khonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo lero yafika m'midzi ndi m'makwalala ambiri kuno kwathu. Mamembala amagula masheya pamsonkhano uliwonse, amabwerekana ndalamazo pachiongoladzanja chimene agwirizana, kenako amagawana zonse, nthawi zambiri chakumapeto kwa chaka. Kusunga anthu anakuzolowera. Pamene pamavuta m'pakubwereka, chifukwa magulu ambiri amaika chiongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo ndalama yotere siidikira munthu.

Mayiwo anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Tiyerekeze, iwo anati, dengu la tomato mwapikula pa K25,000. Kulinyamula mwalipira K3,000, chiphaso cha msika ndi majumbo K1,000. Mpamba wanu ndi K29,000. Mwaika milu 80 ya K500, koma milu 8 yapita ndi kuola komanso basera. Mwagulitsa 72, ndiye kuti m'chitenje muli K36,000. Phindu lanu ndi K7,000 basi. Zinazo n'za dengu la mawa.

Apa m'pamene ndinaona nkhope zikusintha. Ngati geniyo ikufuna K29,000, anafunsa, bwanji munthu akubwereka K60,000 chabe chifukwa masheya ake akumulola? Theka linalo limakhala m'nyumba, limathera ku sopo ndi shuga, koma nalonso likubala chiongoladzanja. Bwerekani K30,000. Pa 20 peresenti mudzabweza K36,000 pakatha masabata anayi, kutanthauza kuti sabata iliyonse muzipatula K9,000. Mukamagulitsa madengu awiri pasabata, phindu ndi K14,000. Mukachotsa za ngongole, zotsalira pakhomo ndi K5,000.

"Zachepa, eti?" anatero. "Zachepadi. Koma mwezi ukatha ngongole yatha, ndipo mpamba uja tsopano ndi wanuwanu."

Kenako anaonetsa mmene geni imafera popanda wakuba kapena ngozi. Munthu akutapa K1,500 tsiku lililonse ya ndiwo ndi makala. Sikuoneka yambiri, koma pasabata ndi K10,500, pamene malire anali K5,000. Pofika tsiku lobweza, K22,000 palibe. Kuti asachite manyazi pagulu amatenga zampamba, kapena amakabwereka kubanki ina, mwinanso kwa akatapila. N'chifukwa chake iwo amasunga ndalama m'malo atatu osiyana: zopikulira, zobwezera ngongole, ndi zapakhomo. Zapakhomo zikatha, zatha, ngakhale m'nyumba mudyedwe nsima ya masamba.

Ine ndikuona kuti mfundo yothandiza kwambiri inali ya zizindikiro, chifukwa gulu likhoza kuziona msanga. Amene ankapikula dengu lathunthu akayamba kupikula theka, mpamba wayamba kudyedwa. Amene akungolipira chiongoladzanja mwezi ndi mwezi, ngongole yeniyeni osaikhudza, ali kale m'madzi. Anapempha mlembi ndi wapampando kuti munthu wotere azimuyendera kunyumba n'kuwerengera naye katundu ndi ndalama, asanafike pomulanda mbuzi kapena malata.

Bambo wina anakweza dzanja. "Nanga amayi, achibale akabwera kudzatenga katundu pangongole, tiwakanize?" Mayiwo anati iwo sakaniza aliyense, koma mlamu wawo akatenga milu iwiri amalemba K1,000 m'kope pamaso pake, ndipo asanabweze satenganso. Ngati ndi mphatso, imachoka pa zapakhomo zija.

Anachenjezanso kuti masamu awa ndi a geni yotembenuza ndalama msanga. Ngongole ya mwezi umodzi yogulira feteleza wa chimanga chimene chidzakololedwe patatha miyezi inayi kapena isanu idzakhala itabala kangapo chimanga chisanaume. Ndipo mamembala khumi akayamba tomato pamsika umodzi, mulu wa K500 utsika mtengo, phindu lija n'kusungunuka.

Itakwana nthawi yobwereka, mayi wina amene anali atalembetsa K80,000 ya geni ya mandasi anapempha mlembi kuti adikire kaye. Anakhala pambali ndi mnzake, akuwerengera ufa, mafuta ndi nkhuni, ndipo atabwerera anati amulembe K35,000.