Chikhadabo Chikalowa M'mnofu: Zochita Kunyumba ndi Nthawi Yopitira Kuchipatala

Chala chachikulu cha kuphazi chikafiira mbali imodzi, chikatupa, n'kumapweteka ngakhale bulangete lingochikhudza usiku, kawirikawiri vuto limakhala chikhadabo chimene m'mphepete mwake mwayamba kuboola mnofu. Vutoli limakonda achinyamata, makamaka amene amatandala tsiku lonse m'nsapato zotseka kapena amasewera mpira, chifukwa thukuta limafewetsa khungu ndipo nsapato imalipanikizira ku chikhadabo. Ambiri akamva ululu amatenga lezala n'kudula kona ya chikhadabocho mpaka mkati. Ululu umalekadi kwa milungu ingapo, kenako umabweranso woposa poyamba.

Chimene chimalasa n'chiyani?

Chikhadabo chimamera kuchokera ku muzu umene uli pansi pa khungu, kumbuyo kwake, ndipo chimakankhidwira kutsogolo pang'onopang'ono. Cha kuphazi chimakula pafupifupi milimita imodzi ndi theka pa mwezi, kotero kuti chonse chisinthike pamatenga chaka kapena chaka ndi theka. Mbali zake ziwiri zimayenda m'timakwalala ta khungu, ndipo malinga ngati kona zake zatulukira kutsogolo kwa mnofu, palibe chimene chimalasa.

Tiyerekeze mnyamata wa chaka choyamba amene wagula nsapato za mpira pa kaunjika, zothina pang'ono kutsogolo. Akuona kuti kona ya chikhadabo ikumudinda, ndiye waidula mopendeketsa, kulowa mkati ndi mamilimita 4. Koma m'mphepete mwenimweni mwa chikhadabo mwabisika pansi pa khungu, ndipo lezala sinafikemo. Mmenemo mwatsala kachidutswa kosongoka ngati munga. Malo amene kona yachokapo sakhala opanda kanthu: akamaponda, mnofu wa chala umakwera n'kudzazapo. Chikhadabo chikupitiriza kukula, ndipo kamunga kaja sikakupezanso njira yotulukira koma kulowa mu mnofu umene wakatsekera kutsogolo. Phazi likaponda pansi, mnofu umakankhidwira ku kamungako.

Mukawerengera, mamilimita 4 pa liwiro la milimita imodzi ndi theka pa mwezi ndi pafupifupi miyezi itatu. Imeneyi ndiyo nthawi imene kona ikufunika kuti ituluke. Mnyamatayu akamaidula ikangoyamba kupweteka, amakhala akuyambiranso kuwerenga miyezi ija. N'chifukwa chake chithandizo chonse cha kunyumba chili ndi cholinga chimodzi: kuteteza mnofu mpaka kona itakula n'kudutsa pamwamba pake.

Yambani mwaona pamene vuto lafika

Khalani powala, sambitsani chalacho ndipo muchiyang'anitsitse. Vuto likamayamba, khungu la m'mbali limafiira, limatupa pang'ono ndipo limapweteka mukalidina, koma sipatuluka kanthu. Apa mungathe kudzithandiza nokha. Likakula, chala chimatentha, chimagunda ngati mtima, ndipo pamatuluka madzi kapena mafinya. Likakhalitsa, pambali pamamera kamnofu kofiira, konyowa, kosachedwa kutuluka magazi, kamene kamayamba kuphimba chikhadabo. Zikafika pa mafinya kapena pa kamnofu kameneka, beseni la madzi silingathetsenso vutolo.

Onetsetsaninso kuti si thekenya, chifukwa nalonso limakonda m'mbali mwa zikhadabo. Thekenya limaoneka ngati kotupa koyera kozungulira kokhala ndi kadontho kakuda pakati, ndipo limayamba ndi kuyabwa. Chikhadabo cholowa m'mnofu chimapweteka motsatira m'mphepete mwake.

Kuviika m'madzi ofunda

Thirani m'beseni loyera madzi ofunda okwanira kumiza zala zonse. Akhale ofunda, osati otentha. Ayeseni ndi chigongono, ndipo ngati simungachisiyemo momasuka, onjezerani ozizira. Mungathe kusungunulamo mchere wa kukhitchini, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa lita, kapena sopo pang'ono. Viikani phazi kwa mphindi 15 mpaka 20, kawiri kapena katatu pa tsiku: m'mawa musanapite m'kalasi, mukaweruka, ndi musanagone.

Madziwo sachotsa kamunga kaja. Ntchito yake ndi kutsuka, kufewetsa khungu ndi chikhadabo, ndi kuchepetsa ululu, kuti muthe kuchita chinthu chotsatira chimene ndicho chofunika kwambiri. Mukatulutsa phazi, lipukuteni ndi nsalu yoyera mpaka liume, ndi pakati pa zala pomwe. Ndi manja osamba, kankhani khungu lotupalo mofatsa kulichotsa ku chikhadabo. Kenako tengani kathonje koyera kakang'ono, mukapote kuti kakhale kowonda ngati kamtengo ka machesi, n'kukalowetsa pansi pa kona ya chikhadabo kuti kakhale pakati pa chikhadabo ndi mnofu. Kathonjeka muzikasintha tsiku lililonse mukatha kuviika, chifukwa kakakhalitsa konyowa kamasunga tizilombo. Ngati sikakulowa popanda ululu waukulu, musakakamize ndi singano kapena pini.

Njira ina ndi ya pulasitala. Matani nsonga imodzi pa khungu lotupalo, pafupi ndi chikhadabo koma osachikhudza, kenako kokani pulasitalayo kudutsa pansi pa chala n'kukamata mbali inayo, kuti khungu likokedwe kuchoka pa kona. Musazungulize chala chonse mothina, kuopa kutsekereza magazi.

Masiku amenewa valani masilipasi kapena nsapato zoonetsa zala paliponse pamene malamulo akulola, ndipo mpira muyambe mwausiya. Ngati yunifolomu kapena ntchito ya m'labu ikufuna nsapato zotseka, sankhani zotakasuka kutsogolo ndipo muzivala sokosi zouma, zochapa. Panado amachepetsa ululu mukamwa motsatira zolembedwa pa paketi. Pakatha masiku awiri kapena atatu muyenera kuona kusintha: kufiira kuchepe, kuponda kukhale kosavuta. Zikatero, kuviika mungachepetse, koma kathonje kapena pulasitala mupitirize ngati kona ikudindabe, ndipo musaidule mpaka itatuluka.

Kawengedwe koyenera

Wengani zikhadabo za kuphazi mukangosamba, zikadali zofewa. Gwiritsani ntchito chowengera zikhadabo kapena kasizasi kakuthwa, osati lezala, ndipo musamazisadzule ndi zala, chifukwa chikhadabo chong'ambidwa chimathera chopendekera m'kona. Dulani mowongoka kuchokera mbali ina kufika mbali ina, pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi. Chikhadabo chithere molingana ndi nsonga ya chala, ndipo mukamaliza kona zonse ziwiri zizioneka, zitakhala pamwamba pa khungu. Ngati kona ndi yakuthwa moti ikukola sokosi, ipaleni pang'ono ndi chopalira zikhadabo, osaidula. Chowengera chikhale chanuchanu. Kubwerekana zodulira kumalo ogona kungathe kufalitsa matenda oyenda m'magazi, monga a chiwindi a mtundu wa B.

Ena amadula kampata kooneka ngati chilembo cha V pakati pa chikhadabo, poganiza kuti mbali zake zikokekera pakati. Sizitheka, pakuti chikhadabo chimakulira ku muzu, ndipo zimene mwachita kunsonga sizisintha njira imene m'mphepete mukulowera.

Nsapato nazo ziyeseni mutaimirira, makamaka madzulo mapazi atatupako, mutavala sokosi zimene muzivalira. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo zala zizitha kugwedezeka.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kuchipatala ngati patatha masiku atatu mukuviika palibe kusintha, ngati patuluka mafinya, ngati pamera kamnofu kofiira kaja, kapena ngati vutoli likubwerabwera pa chala chomwecho. Pitani tsiku lomwelo ngati kufiira kwadutsa chala n'kumakwera phazi, ngati mukuona mzere wofiira wolowera kumwendo, ngati mwatuluka mwanabere m'mphechepeche, kapena ngati thupi latentha. Zimenezi zikusonyeza kuti tizilombo tayamba kufalikira.

Pali anthu ena amene sayenera n'komwe kuyamba ndi beseni. Amene ali ndi matenda a shuga, amene mapazi awo amachita dzanzi kapena magazi sayenda bwino m'miyendo, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, apite kuchipatala akangoona kufiira. Munthu wa shuga akhoza kupsa ndi madzi osamva, chilonda chake chimachedwa kupola, ndipo kachilonda ka pachala kangathe kufika pa fupa mpaka chala kudulidwa. Ngati kwanu kuli mayi, bambo kapena agogo a shuga, muziwayang'ana mapazi ndipo musawalole kudzikumba ndi lezala.

Musagule makapisozi pagolosale n'kuyembekezera kuti athetsa zonse. Dokotala amapereka mankhwala opha tizilombo ngati matenda afalikira pa khungu lozungulira, koma kamunga kakadali m'mnofu chilonda sichitsekeka, monga mmene phazi silipolera minga ikadali momwemo.

Zimene amachita kumeneko

Ambiri amazengereza poopa kuti akazulidwa chikhadabo chonse ali maso. Kawirikawiri sizikhala choncho. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi mbali ziwiri za tsinde la chala, ndipo ululu wa jakisoniyo ndiwo umene mumamva. Chala chikachita dzanzi, amachimanga ndi kalabala kwa kanthawi kuti magazi asasokoneze, n'kudula kachigawo kowonda ka m'mbali mwa chikhadabo, ka mamilimita atatu kapena anayi, kuchokera kunsonga mpaka ku muzu. Kachigawoka kamatuluka pamodzi ndi kamunga kaja, ndipo chikhadabo chotsalacho chimakhala pamalo pake.

Ngati vutoli lakhala likubwerera, amawononganso kachigawo ka muzu kamene kamameretsa mbali imeneyo, pokadula kapena popakapo mankhwala otchedwa fenolo. Akatero, mbaliyo nthawi zambiri simeranso, ndipo chikhadabo chimangokhala chocheperako m'lifupi. Akangodula osakhudza muzu, mbaliyo imameranso m'miyezi yotsatira ndipo ikhoza kulowanso m'mnofu, choncho funsani dokotala njira imene akugwiritsa ntchito. Muuzeninso ngati muli ndi pakati, ngati mumadwala shuga, kapena ngati munadanapo ndi jakisoni wa dzanzi.

Ntchito yonseyi siifuna kugonekedwa. Pitani mutavala masilipasi, chifukwa bandeji sidzalowa m'nsapato. Tsiku loyamba ndi lachiwiri khalani mutakweza phazi pa pilo, ndipo bandeji muzisinthitsa monga akuuzirani. Pamene papakidwa fenolo pamatha kutuluka timadzi kwa milungu ingapo, ndipo zimenezi si zodabwitsa. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, kapena kufiira kukamafalikira, bwererani msanga. M'kalasi ambiri amabwereramo pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma mpira udikire mpaka chilonda chitauma ndipo dokotala wavomereza.