Mtengo wa mu nyuzipepala, ndi mtengo umene mungagulitsiredi

Pamsika wakumudzi wina akagula mbuzi imodzi mokwera chifukwa mawa pakhomo pake pali chinkhoswe, palibe amathamangira kukhola kukawerenganso chuma chake. Aliyense amadziwa kuti munthuyo anali pachangu, ndipo kuti iwe ukakusa mbuzi zako makumi awiri kupita nazo pamsika womwewo, mtengo uja sukaupezanso. Koma anthu omwewa akaona mu nyuzipepala kuti sheya yakutiyakuti yakwera ndi maperesenti 10, amatenga foni n'kuyamba kuchulukitsa.

Msika wathu wa masheya, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre ndipo malonda a masheya adayamba mu Novembala 1996 ndi kampani ya inshuwaransi ya NICO. Papita zaka zambiri, koma makampani amene masheya awo amagulitsidwa pamenepa sanafike makumi awiri. Pali mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, makampani a mafoni a TNM ndi Airtel, Illovo ya shuga, Press Corporation, Sunbird ndi ena ochepa. Kuchepa kwa makampani si vuto lenileni. Nkhani ili pa kuchepa kwa masheya amene amasinthadi manja.

Airtel Malawi ili ndi masheya 11 biliyoni. Italowa pamsika mu 2020 idagulitsa kwa anthu gawo limodzi mwa magawo asanu, pa K12.69 sheya iliyonse, ndipo otsalawo adakhalabe ndi kampani yaikulu ya kunja. Ku Illovo nako, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ali m'manja mwa eni ake aakulu. Pa masheya otsalawo, ambiri amagwiridwa ndi mabungwe a penshoni ndi a inshuwaransi, amene mwezi ndi mwezi amalandira ndalama zatsopano koma malo oziikamo ndi ochepa. Iwowa akagula amakhalira. Zotsalira ife tonse ndi nyenyeswa, ndipo mtengo umene mumawerenga uja umapangidwa ndi nyenyeswazo.

Kuti tione bwino, tiyeni tipeke kampani yongoyerekeza, manambala ake osavuta. Ili ndi masheya 1 biliyoni, ndipo Lolemba mtengo unali K100. Lachiwiri munthu wina wagula masheya 2,000 pa K110, ndipo tsikulo palibenso wina wagula kapena kugulitsa. Ndalama zonse zimene zasintha manja ndi K220,000, zosakwana kugula njinga yamoto. Komabe pa pepala kampani yonse yachoka pa K100 biliyoni kufika pa K110 biliyoni. Palibe fakitale yamangidwa, palibe kasitomala wawonjezereka. Mtengo wotsekera tsiku umangotiuza zimene anthu awiri omaliza adagwirizana.

Tsono tinene kuti inu muli ndi masheya 30,000 a kampani imeneyi. Mwachulukitsa ndi K110 ndipo mwapeza K3,300,000, mwayamba kale kuganiza za malata. Funso loyamba kwa bulokala wanu lisakhale lakuti mtengo uli pati. Mumufunse kuti amene akufuna kugula ndi angati, akufuna masheya angati, ndipo akupereka zingati. Bulokala amaona mndandanda umenewu pa kompyuta yake, ogula mbali ina, ogulitsa mbali ina. Tinene kuti wakuuzani kuti pali wofuna masheya 3,000 pa K102, wina 10,000 pa K95, ndi wina 20,000 pa K88.

Mukati mugulitse onse lero, oyambawo akupatsani K306,000, achiwiriwo K950,000, ndipo masheya 17,000 otsalawo apita pa K88 n'kubweretsa K1,496,000. Zonse pamodzi ndi K2,752,000, bulokala asanadulepo yake. Ndiye kuti sheya iliyonse mwagulitsa pafupifupi K92, ndipo K548,000 ya pa pepala ija yasungunuka. Kuwonjezera apo, mawa nyuzipepala ilemba kuti sheya yagwa kufika pa K88, ndipo amene mwaigwetsa ndinu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pamsika uwu, wapamphuno ndi mtengo umene wogula weniweni walemba, pa kuchuluka kwa masheya kumene walemba.

Nthawi zina mndandandawo umakhala wopanda kanthu mbali imodzi. Sheya imatha kukhala pa mtengo umodzimodzi masabata angapo, osasuntha ngakhale tambala. Wosadziwa amati imeneyi ndiye yokhazikika, yopanda chiopsezo. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti ogulitsa andanda pa mtengo wakalewo, ogula kulibe, ndipo popeza palibe malonda, mtengo sukusintha. Tsiku limene wina adzatope n'kuvomera zochepa, mtengo udzatsika kamodzin'kamodzi. Zimachitikanso mwa mtundu wina: ogula mbwee, wogulitsa osaoneka, ndiye aliyense wotulutsa timasheya tochepa amakankha mtengo m'mwamba. Kudumpha kwambiri kumene timaona pamsika waung'ono kumabadwa motere, mtengo utagona nthawi yaitali kenaka n'kudzambatuka.

Chachiwiri choyenera kuyang'ana ndi kuchuluka kwa masheya ogulitsidwa tsiku ndi tsiku, ndipo apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu ophunzira. Msika umatulutsa malipoti a malonda, ndipo mabulokala amatumiza awo kwa makasitomala. Tinene kuti m'masiku 20 a malonda apitawa, kampani yathu ija yagulitsa masheya 600,000. Mukagawa mupeza 30,000 patsiku, ndipo mungaganize kuti anu aja atha tsiku limodzi. Koma pitani tsiku ndi tsiku. Mwina mupeza kuti masheya 540,000 adapita tsiku limodzi, bungwe lina la penshoni litagulitsa kwa linzake pa mgwirizano umene adakonzeratu. Chotsani tsiku limenelo. Kwatsala masheya 60,000 m'masiku 19, pafupifupi 3,200 patsiku, ndipo pena masiku asanu ndi awiri mwa amenewa sipadagulitsidwe kanthu. Simuli nokha wogulitsa, choncho mukatenga theka la malonda a tsiku lililonse, masheya anu 30,000 adzatenga masiku a malonda pafupifupi 19 kuti athe osagwetsa mtengo. Umenewo ndi mwezi wathunthu. Ngati ndalamazo ndi za fizi ya mwana yofunika sabata yamawa, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa phindu lonse la kampaniyo.

Anthu ena amakonda kujambula mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mtengo, n'kumalosera za mawa monga amachitira pamisika ikuluikulu ya ku Johannesburg kapena ku London. Kumeneko mfundo iliyonse pa mzerewo imachokera kwa anthu zikwizikwi. Kuno mfundo ina ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene wagulitsa masheya 500 kuti agule feteleza. Ine mizere yotereyi sindiipatsa ulemu kwenikweni.

Popeza mtengo sungadaliridwe kuti utiuze kufunika kwa kampani, tiyenera kudziwerengera tokha kuchokera m'malipoti a zachuma, amene makampani amasindikiza m'nyuzipepala pakati pa chaka ndi pakutha pa chaka. Kampani yathu yapeza phindu la K12.5 biliyoni msonkho utachotsedwa. Kugawa ndi masheya 1 biliyoni, sheya iliyonse yapindula K12.50. Pa mtengo wa K110, mukulipira pafupifupi kasanu ndi kanayi phindu la chaka chimodzi. Pa K92 mukulipira kasanu ndi kawiri ndi pang'ono. Nambala imeneyi payokha sinena zambiri, imayamba kuyankhula mukaiyerekeza ndi ya makampani a ntchito yofanana, banki ndi banki inzake, kapena ndi ya kampani yomweyo zaka zapitazo.

Kenaka dividendi, gawo la phindu limene limafikadi ku akaunti yanu. Tinene kuti kampani yapereka K4 pa sheya. Boma likadula msonkho wa maperesenti 10, mutsala ndi K3.60, zimene pa K110 ndi maperesenti atatu ndi pang'ono. Mu 2024 munthu wobwereketsa boma ndalama kwa chaka chimodzi ankalandira chiwongoladzanja choposa maperesenti 20. Wogula sheya imeneyi ndiye kuti akudalira kuti phindu la kampani lipitirira kukula kwambiri, ndipo ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira zimenezo.

Apa ndi pamene kwacha imasokoneza maso. Phindu la kampani yathu lachoka pa K10 biliyoni kufika pa K12.5 biliyoni, kukwera ndi maperesenti 25, ndipo apampando a bodi alemba mawu okoma. Koma m'chaka chimene mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti 30, phindu limenelo likugula zochepa kuposa la chaka chatha. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, ndiponso ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Kampani yokhala ndi ngongole za madola imavulala nthawi zoterezi, pamene yogulitsa katundu kunja imapezako mpumulo. Muyeneranso kufunsa kumene phindulo lachokera. Kampani ya nyumba imatha kulemba phindu lalikulu chifukwa akatswiri anena kuti nyumba zake zakwera mtengo, pamene lendi yolowa sinasinthe kwenikweni. Kampani imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena imalemba phindu masheyawo akakwera, ndipo taona kale mmene mitengo imeneyo imapangidwira. Banki nayo muione kuti ndalama zake zochuluka ikuzipeza pobwereketsa amalonda kapena pobwereketsa boma. Tsamba losonyeza ndalama zenizeni zolowa ndi zotuluka, limene ambiri amalidumpha, ndilo limaulula zimenezi.

Sikuti kudumpha kulikonse n'kwabodza. Malamulo a msika amafuna kuti kampani ichenjeze anthu ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapita ndi maperesenti 20 kapena kuposerapo, ndipo zidziwitso zimenezi zimatuluka m'nyuzipepala malipoti enieni asanafike. Mtengo ukakwera chidziwitso chotere chitangotuluka, masheya ambiri n'kusintha manja masiku angapo otsatizana, ogula n'kumakhalabe pamndandanda pa mtengo watsopanowo, kukwerako kuli ndi mizu. Ukakwera popanda nkhani iliyonse, pa masheya 2,000, dikirani kaye muone ngati mawa kubwere wachiwiri.

Mukatsimikiza kugula kapena kugulitsa, musamuuze bulokala kuti achite pa mtengo uliwonse umene aupeze. Mupatseni malire: sindigula kupitirira K95, sindigulitsa kutsika pa K100. Oda yanu ikhoza kukhala masiku osakwaniritsidwa, kapena kukwaniritsidwa pang'onopang'ono, masheya 1,500 lero, 800 Lachinayi. Mufunseni kuti oda yotereyi imakhala masiku angati isanathe mphamvu, ndiponso ngati ndalama yake adzadula pa chidutswa chilichonse kapena pa oda yonse, chifukwa pa masheya ochepa kusiyana kumeneku kumatha kudya dividendi ya chaka chonse.