Matuza ndi zilonda zopweteka kumaliseche: chifukwa chiyani kuchipatala amapereka mankhwala angapo?

Zilonda zambiri zopweteka za kumalo obisika m'mayiko a dera lino zimayamba chifukwa cha nsungu za kumaliseche. Kachilombo kake kamafala pogonana, khungu likakhudzana ndi khungu, ndipo munthu akhoza kupatsira mnzake ngakhale alibe chilonda chooneka.

Tiyerekeze mayi wina wa zaka 26. Lolemba akumva kuyabwa ndi kunyerenyetsa kumaliseche. Lachitatu patuluka timatuza ting'onoting'ono tothithikana pamodzi, tokhala ndi madzi m'kati. Pofika Lachisanu taphulika, pasanduka tizilonda tosaya koma towawa kwambiri, makamaka mkodzo ukadutsapo. Thupi latentha, ndipo m'mphechepeche mwatuluka mwanabele. Umu ndi mmene nsungu zimayambira kawirikawiri. Koyamba zimatenga masabata awiri kapena atatu kuti zipole.

Mayiyu atapita kuchipatala anabayidwa jakisoni wa penisilini pathako, n'kupatsidwanso mapiritsi amitundu iwiri. Anadabwa. Matenda amodzi, mankhwala atatu? Chifukwa chake n'chakuti maso okha, ngakhale a dokotala wodziwa ntchito, sangasiyanitse bwinobwino matenda amene amabweretsa zilonda malo amenewa, komanso munthu akhoza kukhala ndi awiri nthawi imodzi.

Jakisoni uja ndi wa chindoko. Chilonda cha chindoko nthawi zambiri chimakhala chimodzi, cholimba m'mbali, ndipo sichipweteka. Chimatuluka patatha pafupifupi masabata atatu munthu atatenga matendawa, kenako chimapola chokha. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Matenda amakhala akadali m'magazi, pambuyo pake amatulutsa ziwengo m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo kwa mayi woyembekezera akhoza kupha mwana m'mimba. Chilonda chikakhala chatsopano kwambiri, kuyeza magazi kukhoza kusonyeza kuti mulibe chindoko pamene chilimo. N'chifukwa chake a zaumoyo sadikira.

Mtundu wina wa mapiritsi ndi wa zilonda zakuya, zofewa, zamafinya, zotuluka magazi mukangozikhudza, zimene zimatupitsa m'mphechepeche mpaka kuphulika, zija anthu amati mabomu. Masiku ano sizikuonekaoneka ngati kale.

Mtundu wotsala ndi asaikulovira, mankhwala a nsungu. Amachepetsa ululu ndipo zilonda zimapola msanga, makamaka mukayamba kumwa matuza atangotuluka. Koma tinene mosabisa: sachotsa kachilomboko m'thupi. Kamabisala m'mitsempha ya kumunsi kwa msana, n'kudzukanso thupi likafooka ndi matenda ena, nkhawa, kapena pa nthawi yosamba kwa amayi ena. Zikabweranso sizivuta ngati poyamba, zimapola m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo zaka zikamapita zimabwera patalipatali. Tikudziwa kuti nkhani imeneyi imayambanitsa mabanja. Nsungu zikhoza kukhala chete zaka zambiri, choncho kutuluka kwa matuza lero si umboni woti wina wayenda kunja posachedwapa.

Mayi uja anapemphedwanso kuyezetsa magazi kuti aone ngati ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Chilonda ndi khomo lotseguka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limanena kuti amene ali ndi nsungu za kumaliseche ali pa chiopsezo chotenga kachilomboka pafupifupi katatu kuposa amene alibe. Komanso chilonda cha nsungu chikatha mwezi osapola, kapena chikamangokula, ndi chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chikhoza kukhala chitatsika.

Kunyumba, tsukani pachilonda ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, muumitse bwino ndi kansalu kanu kokha, kenako musambe m'manja ndi sopo musanagwire m'maso. Ngati kukodza kukuwawa, muzithira madzi pamalopo mukamakodza. Panado amathandiza ululu. Musathirepo ufa wa m'makapusozi, phulusa, mandimu kapena mankhwala ochapira, chifukwa zimangowotcha khungu. Makapusozi ogula pamsika sagwira kachilombo ka nsungu.

Musagonane mpaka zilonda zitapoleratu. Kondomu imachepetsa chiopsezo koma siphimba khungu lonse. Amuna kapena akazi anu nawonso akaonedwe ngakhale asakumva chilichonse, apo ayi chindoko chidzabwerera m'nyumba.

Musadikire kuti kuche ngati mkodzo wakana kutuluka, kapena mutu ukuwawa kwambiri khosi litauma. Amayi oyembekezera, auzeni anamwino kusikelo ngati munadwalapo nsungu, makamaka zikatuluka koyamba m'miyezi itatu yomaliza, chifukwa mwana akhoza kutenga kachilomboka pobadwa n'kudwala kwambiri. Ngati munagwiriridwa, fikani kuchipatala cha pamsasa maola 72 asanathe, zilonda zilipo kapena ayi, kuti mulandire mankhwala oteteza ku kachilombo koyambitsa Edzi.