Kuphunzitsa reshiyo m'kalasi ya ana ambiri

Reshiyo ndi njira yoyerekezera kuchuluka kwa zinthu, monga 2:3. M'kalasi ya ana 100 yokhala ndi mabuku 10 okha, mphunzitsi amapanga magulu 10, ndipo gulu lililonse limalandira buku limodzi ndi zitsekerero za mabotolo 20. Ana awiri amagawana zitsekererozo, wina kutenga ziwiri, mnzake zitatu, mobwerezabwereza mpaka zitatha. Woyamba amapeza 8, wachiwiri 12.

Ana omva msanga amagawa 35 mwa masamu okha, n'kupeza 14 ndi 21. Ena amalakwitsa pogawa 20 ndi 2, kenako ndi 3, m'malo mogawa ndi 5. Cholakwacho chimadziwika pophatikiza mayankho awiriwo, chifukwa sabwerera pa 20.