Dzanja pa manambala, maso pa lisiti

Mukaima pamzere ku banki, mudzaone dzanja lamanja la kalaliki wodziwa ntchito. Silichoka pamalo amodzi, zala zokha ndi zomwe zimayenda, ndipo mwini wake sayang'ana n'komwe mabatani. Luso lonse lagona pa kagulu ka manambala komwe kali kumanja kwa kiyibodi.

Papasani batani la 5, mumva kachotupa kakang'ono. Anakaika dala kuti chala chapakati chizipeza malo ake popanda maso. Chala cha mkombaphala chimakhala pa 4, chotsatana ndi chapakati chija pa 6. Kuchokera pamenepo chala chilichonse chimangokwera kapena kutsika mu mzere wake: mkombaphala amagwira 7, 4 ndi 1, chapakati 8, 5 ndi 2, chinacho 9, 6, 3 ndi kadontho. Chala chachikulu n'cha 0, chaching'ono n'cha Enter ndi +. Mukangodina, chala chibwerere pamzere wa 4, 5, 6. Dzanja lamanzere nalo lili ndi ntchito yake, yotembenuza malisiti ndi kuloza pomwe mwafika.

Anthu ozolowera foni amavutika masiku oyamba, chifukwa pafoni 1, 2, 3 ali pamwamba pomwe pano pamwamba pali 7, 8, 9. Komanso mukaona kuti manambala sakulembeka koma kompyuta ikungodumphadumpha m'mabokosi, dinani Num Lock, wazima.

Chomwe chimachedwetsa anthu kuweruka si kulemba pang'onopang'ono ayi, koma kusaka cholakwika madzulo. Zala zikayamba kuthamanga, zimakonda kusinthanitsa manambala awiri oyandikana. Tinene kuti muli ndi malisiti anayi: K12,750, K8,600, K25,400 ndi K3,150. Ndalama zomwe zili m'dirowa ndi K49,900, koma kompyuta ikuti K49,000. Musathamangire kukayikira mnzanu. Tengani kusiyanako, K900, mugawe ndi 9. Zikugawika bwinobwino, yankho ndi 100, ndipo manambala akasinthana malo kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Yankholi likukulozeraninso kofufuza: nambala ya pa mahandiredi ndi ya pa masauzande, zosiyana ndi 1 yekha. Pa malisiti anayiwo, woyenera ndi K25,400, yemwe analowa ngati 24,500. Kuiwala ziro kumapeto nakonso kumasiya kusiyana kogawika ndi 9. Komabe ichi n'chizindikiro chabe, pakuti lisiti la K900 lomwe silinalowetsedwe lingabweretse kusiyana komweko, choncho liwoneni lisitilo ndi maso musanakonze.

Ine ndimalimbikitsa wophunzira kuti aphimbe dzanja ndi pepala, atenge mulu wa malisiti akale n'kuuwonkhetsa kawiri, kachiwiriko kuyambira pansi. Mayankho awiriwo akamafanana tsiku ndi tsiku, ndiye awonjezere liwiro. Ngati laputopu yanu ilibe kagulu ka manambalaka, kogula padera kolumikiza pa USB kamagwira ntchito chimodzimodzi.