Masheya a Meta Atagwa Msika Uli Chitsekere

Pa 2 February 2022, msika wa Nasdaq ku New York unatseka 4 koloko madzulo sheya imodzi ya Meta, eni ake a Facebook, ili pa madola 323. M'mawa mwake msika unatsegula sheya yomweyo ili cha pa madola 245. Pa tchati cha tsiku ndi tsiku panatsala malo opanda kanthu, amene amalonda amawatcha mpata.

Chinachititsa ndi lipoti la momwe kampani yachitira pa miyezi itatu. Makampani ambiri a ku America amatulutsa lipotili msika utatseka kapena usanatsegule, choncho anthu amaliwerenga usiku, kukacha n'kubwera ndi mtengo wina. Meta sinaluze ayi, inapeza phindu loposa madola 10 biliyoni. Koma inanena kuti kwa nthawi yoyamba anthu olowa pa Facebook tsiku lililonse achepa, komanso kuti ndalama za miyezi yotsatira zikhala zochepa kuposa zimene ogula masheya ankayembekezera. Mtengo wa sheya umatsata chiyembekezo, osati phindu lokha.

Amalonda odalira matchati amadziteteza ndi lamulo lotchedwa stop-loss, louza kampani yowagulitsira masheya kuti mtengo ukatsika kufika pakutipakuti igulitse. Tiyerekeze munthu amene anagula masheya 100 pa madola 320, n'kuika lamulolo pa 310. Iye ankati zikavuta ataya madola 1,000 basi. Koma msika sunaime pa 310, unangolumpha. Lamulo lake linagwira ntchito pa mtengo woyamba kupezeka, cha pa 245, ndipo anataya pafupifupi 7,500.

N'chifukwa chake ozolowera ntchitoyi amayamba ayang'ana tsiku la lipoti, poti kampani imalengezeratu. Ena amagulitsa zonse lisanafike. Ena amatsala ndi masheya ochepa oti ngakhale mtengo utagwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, thumba lisang'ambike.

Mpata ukachitika, sathamangira. Amadikira mwina theka la ola, n'kulemba mzere pa mtengo wokwera kwambiri ndi wina pa wotsikitsitsa wa nthawiyo. Mtengo ukaboola mzere wapansi, masheya ogulitsidwa ali ochuluka kuposa masiku onse, amadziwa kuti nawonso makampani akuluakulu osunga ndalama za anthu akutulukamo, ndipo amenewa satha kugulitsa tsiku limodzi.

Pali mawu amene ongoyamba kumene amawakonda, akuti mpata uliwonse umatsekeka, mtengo umabwerera pomwe unachoka. Timipata ting'onoting'ono topanda nkhani kumbuyo kwake timatsekekadi kawirikawiri. Wobwera ndi lipoti ndi wina, chifukwa anthu asintha maganizo pa kampaniyo. Amene anagula Meta pa 245 podalira mawuwa anaona sheya ikutsika mpaka pansi pa madola 90 mu November 2022. Mtengo wa 323 unadzaonekanso mu July 2023, patapita pafupifupi chaka ndi theka.