Mawu othokoza antchito a mu lesitilanti pakutha pa chaka chovuta

Mawu amene mwini lesitilanti amayankhula pa phwando la kutha kwa chaka amasiyana ndi a pamsonkhano wa ntchito. Omvera ake ndi anthu amene mavuto a chakacho anawaona ndi maso awo, choncho sawabisira kanthu ndiponso sawafotokozera zomwe akuzidziwa kale. Mphindi zisanu zimakwana, ndipo amayankhula chakudya chisanagawidwe, pakuti ophika sakondwa kuona nsima yawo ikuzizira.

Akatha kupereka moni, amatchula mavutowo mwachidule. Chitsanzo ndi lesitilanti ya mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2023. Chakacho chinayamba kolera ili mkati, m'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe ndi madera ena, ndipo mu Novembala ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu n'kukwera mtengo. Mwini malo wanzeru amazitchula izi monga momwe zinakhudzira antchito. M'malo mowerengera ndalama zomwe iye analuza, amakumbukira woperekera zakudya amene ankayenda wapansi minibasi zitadula. Ngati wina anaferedwa, amapempha kuti onse akhale chete kwa kanthawi.

Kenako pamabwera kuthokoza, komwe ndi mtima wa mawu onse. Kunena kuti onse anagwira bwino ntchito sikukhudza munthu aliyense. Chofunika ndi kutchula munthu mwaulemu, monga bambo uje kapena mayi uje, pamodzi ndi chinthu chimodzi chomwe anachita. Wophika angathokozedwe chifukwa chosamukira pa mbaula magetsi atazima, makasitomala osazindikira n'komwe. Wotsuka mbale angathokozedwe chifukwa chosamala madzi a kulolini nthawi ya kolera. Ndi bwino kuyambira kwa amene makasitomala sawaona, monga osenda mbatata, okolopa ndi mlonda, chifukwa operekera zakudya amalandirako kale zikomo ndi kangachepe pa tebulo. Antchito akakhala khumi kapena khumi ndi awiri, onse amatchulidwa, ndipo maina amalembedwa papepala. Woiwalika mmodzi amapita kwawo ali ndi chilonda mumtima.

Gawo lovuta ndi la ndalama. Ngati malipiro ankachedwa kapena masiku a ntchito anachepetsedwa, mwini malo amavomereza ndi kupepesa. Ngati bonasi ilipo, amanena tsiku loperekera. Ngati palibe, amanena poyera, osalonjeza kukweza malipiro alibe pogwira, chifukwa Januwale sachedwa kufika. Nkhani za mbale zosweka ndi kuchedwa pa ntchito zimadikira tsiku lina.

Mawu akalakwika zimaonekeratu: anthu amaweramira pa mafoni, ndipo m'manja mumawombedwa mozizira. Akafika pamtima, antchito amayamba kuwonjezera okha nkhani za mnzawo amene watchulidwa. Pomaliza mwini malo amapereka mpata kwa mmodzi woimira antchito kuti ayankhe, kenako pemphero ndi chakudya.